Kumuuza mtsikana wa zaka 10 za kumwezi tsikulo lisanafike

Ndaphunzitsa Sitandade 5 kuno ku Mulanje kwa zaka zambiri, ndipo funso limene amayi amandifunsa kawirikawiri silikhudza masamu kapena mayeso. Amandipeza pamjigo, kuchigayo, potuluka m'tchalitchi, wina anachita kundinong'oneza m'minibasi tikupita ku Limbe. Funso lake ndi limodzi: "Aphunzitsi, mwana uja timawere tayamba. Ndimuuze? Nanga ndiyambire pati?" Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, choncho ndaganiza zongolemba kamodzi.

Yankho la funso loyambalo ndi lakuti inde, muuzeni, ndipo muuzeni asanaone magazi. Mwambo wathu umalanga mwana akatha msinkhu. Akaona, m'pamene timaitana anamkungwi kapena alangizi a mpingo. Zimenezo sindikuzitsutsa. Vuto ndi lakuti tsiku loyamba lenilenilo mwanayo amakumana nalo yekha, alangizi asanabwere. Chaka china ndinamukalipira mtsikana wina m'kalasi mwanga chifukwa anakana kuimirira poyankha funso. Ndinkayesa mwano. Anzake onse atatuluka iye anatsala pabenchi atauma gwa, ndipo nditamuyandikira ndinapeza kuti linali tsiku lachitatu akudziika mapepala a m'kope. Ankaganiza kuti china chake chaphulika m'mimba ndipo afa, koma ankaopa kunena kunyumba kuti amumenya. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sanandichokebe.

Zimene zili m'munsizi ndi mmene ndinachitira ndi mwana wa achimwene anga, amene amakhala ndi agogo ake cha ku Chitakale, ndipo ndi mmene ndimalangizira amayi ena.

1. Yang'anani thupi la mwana, musawerenge zaka zokha

Atsikana ambiri amayamba kusamba ali ndi zaka 12 kapena 13, koma ena amayamba ali ndi 10, ena mpaka 15, ndipo onsewo ali bwinobwino. Nchifukwa chake zaka 10 sikufulumira. Thupi limachenjeza lokha. Choyamba ndi timawere. Pansi pa nsonga ya bere pamabwera kachotupa kolimba ngati kambewu ka nandolo, nthawi zina mbali imodzi yokha, ndipo kamapweteka akakagunda. Kuyambira pamenepo mpaka msambo woyamba pamapita zaka ziwiri, mwina kupitirirako pang'ono. Pakati pa nthawiyi mwana amatalika msanga, yunifomu ya chaka chatha imafupika, tsitsi limayamba kumera kumaso, ndiko kuti kumaliseche, ndi m'khwapa, ndipo thukuta lake limasintha fungo.

Chizindikiro chimene ambiri amachiphonya ndi chikazi, timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono timene timauma pa panti. Timeneti tikayamba, dziwani kuti kwatsala miyezi 6 mpaka chaka. Ngati mwana amachapa yekha zovala zake zamkati simungaone, ndiye muyenera kumufunsa. Musamukalipire kuti ndi uve. Ngati sizikuyabwa ndipo sizikununkha, ndi thupi likudzitsuka lokha.

Mukaona timawere, yambani kulankhula. Mukaona chikazi musanalankhule, sabata ino isathe.

2. Gwirizanani za munthu wolankhula

M'mabanja ambiri a kuno, Alhomwe ndi Amang'anja omwe, mayi wobereka salankhula zoterezi ndi mwana wake. Ndi ntchito ya azakhali, ya agogo kapena ya amayi aang'ono. Ngati kwanu kuli choncho, tsatirani, palibe cholakwika. Cholakwika ndi chakuti aliyense aziyesa kuti wina alankhula. Mayi akudikira azakhali, azakhali ali ku Joni, agogo akudikira kuti mwanayo ayambe waona. Tchulani munthu mmodzi, ndipo mumuuze kuti mwezi uno alankhule.

Sankhani amene mwanayo amaseka naye, osati amene amamuopa. Ndipo ngati palibe wina, lankhulani nokha mayi. Sindinaonepo mayi atadwala chifukwa chouza mwana wake za msambo. Bambo amene mukulera nokha mwana wamkazi, pitani kwa mlongo wanu, kwa mphunzitsi wamkazi kapena kwa amayi a mada gulupu pasukulu yake, koma mwanayo adziwe kuti inunso mukudziwa ndipo ndalama ya sopo ndi mapadi akhoza kukupemphani popanda kuzungulira.

Agogo ena adzakuuzani kuti mukuulula mwambo. Ine mayi anga ndinawayankha kuti, "Amayi, mwambo ndakusiyirani wonse, mudzamulanga nokha akakula. Ine ndikungomuuza kuti akadzaona asadzaganize kuti akufa, ndipo adzathamangire kwa inu." Anangoti, "Chabwino, koma usanene zambiri." Chilolezo chimenecho chinandikwanira.

3. Pezani ntchito yoti manja azigwira

Musamuitanire kuchipinda ndi kutseka chitseko. Mwana wa kuno akaitanidwa choncho amadziwa kuti walakwa, ndipo mutu wake wonse umakhala pofufuza mlandu wake. Lankhulani mukusenda nandolo, mukusadzula nkhwani, mukumuluka tsitsi kapena mukuchapa kumtsinje muli awiri. Kumuluka tsitsi ndiye kwabwino koposa chifukwa simuyang'anana m'maso, ndipo sangathawe mutu uli theka. Azichimwene ake asakhale pafupi. Ulendo woyamba usatalike, mphindi 10 kapena 15 zakwana. Nkhaniyi ndi ya maulendo atatu kapena anayi, osati chilangizo cha tsiku lonse.

4. Yambani ndi zimene wamva kale, ndipo masulirani mawu athu

Musaganize kuti sadziwa kanthu. Wamva kwa anzake, waona mapadi m'golosale, wamva achemwali ake akunong'onezana. Chimene sadziwa ndi chakuti mwa zimene wamvazo zoona ndi ziti. Ine ndinayamba ndi funso: "Kodi unamvapo anthu akuti uje ali kumwezi? Umaganiza kuti amatanthauza chiyani?" Kenako ndinakhala chete. Chete ameneyo ndi wovuta kwa ife akuluakulu, koma mupirireni.

Chichewa chathu chimabisa nkhaniyi mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene umasokoneza ana. Nditamufunsa ngati akudziwa za kusamba, mwana wa achimwene anayankha mokhumudwa kuti, "Azakhali, ine ndimasamba tsiku lililonse, funsani agogo." Ndiye mawuwa amasulireni limodzi limodzi. Kusamba kumene akulu amanena si kwa madzi ndi sopo, ndi kutuluka kwa magazi kwa masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo dzina lake lina ndi msambo. Kumwezi ndi chimodzimodzi, amatero chifukwa zimabwera pafupifupi kamodzi pamwezi. Akati mtsikana wagwa pansi, wakula, kapena watha msinkhu, akunena kuti waona msambo wake woyamba, sanagwe paliponse. Nyanda ndi kansalu kamene amavala kuti kalandire magaziwo. Cham'mimba ndi kupweteka kwa m'munsi mwa mchombo kumene kumabwera ndi msambo. Sankhani liwu limodzi loti inu awiri muzigwiritsa ntchito. Ife tinasankha "kumwezi", chifukwa silisokonezeka ndi za kubafa.

5. Tchulani magazi, ndipo nenani kumene amatulukira

Apa ndi pamene ambiri timathawira. Timati, "Ukadzaona zachilendo udzanene," basi n'kudzuka kukasonkhezera moto. Koma zachilendo n'chiyani kwa mwana wa zaka 10? Mtsikana wa m'kalasi mwanga uja anauzidwapo mawu amenewa ndi azakhali ake. Ataona magazi sanaganize kuti ndiye zachilendo zija, chifukwa kwa mwana magazi ndi bala, ndipo bala la malo amenewo ndi mlandu. Ngati simutchula liwu lakuti magazi, ndiye kuti simunamuuze kanthu.

Ine ndinayamba ndi chiberekero, chifukwa mwana aliyense waonapo mayi woyembekezera. Ndinagwira dzanja lake n'kuliika m'munsi mwa mchombo wake, ndipo ndinati:

"Muno m'kati muli kathumba kakang'ono, sikaposa chibakera chakochi. Dzina lake ndi chiberekero. Mkazi aliyense ali nacho, ndi mmene iwe unakhala usanabadwe. Thupi likamakula, kathumbaka kamayamba kudziyalira m'kati mwezi uliwonse, ngati mmene timayalira mphasa tikamva kuti kubwera mlendo. Zoyalazo ndi zofewa, ndipo zili ndi magazi. Mlendo akapanda kubwera, thupi limayalula, zoyala zija zimatuluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Zikamatuluka zimaoneka ngati magazi. Mwezi wotsatira limayalanso zatsopano."

Anandifunsa pomwepo funso limene ndinkaliopa: "Zimatulukira kuti?"

Muyankheni, musatembenuzire nkhope kumbali. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu ena, amayesa kuti magaziwa amatulukira kumene kumatulukira mkodzo. Ndinamuuza kuti, "Kumaso kwa mtsikana kuli tinjira titatu. Kutsogolo kuli kotulukira mkodzo. Kumbuyo kuli kotulukira chimbudzi. Pakati pali kanjira kochokera ku chiberekero chija. Magazi a kumwezi amatulukira kapakatiko." Kuchipatala mudzamva anamwino akuti njira ya abambo. Liwu limenelo lisiyeni kwa akuluakulu, musamupatse mwana wa zaka 10. Limamuphunzitsa kuti mbali ya thupi lake ili ndi mwini wake wina, ndipo limabweretsa mafunso amene simunakonzekere tsiku limenelo. Nenani kuti njira ya chiberekero, ndi zoona ndipo n'zokwanira.

Mukatero, pali zinthu zinayi zimene mwana amaziopa koma sanena, ndipo ndi bwino muziyankhe asanafunse. Choyamba, ngati ndi bala. Muuzeni kuti palibe chimene chachekeka kapena kuphulika, ndipo magaziwo potuluka sapweteka ngati a bala. Chachiwiri, ngati magazi ake atha. Muuzeni kuti ndi ochepa, ndipo thupi limapanga ena. Chachitatu, ngati asiya. Muuzeni kuti amasiya okha pakapita masiku atatu, asanu, osapitirira 7. Chachinayi, chimene chili chachikulu, ngati walakwa. Ine ndinanena kawiri, pang'onopang'ono: "Ukadzaona, sikuti walakwa. Palibe amene adzakumenye. Agogo ako zinawachitikira, ine zimandichitikira, aphunzitsi aakazi onse a kusukulu kwanu zimawachitikira." Apa anatembenuka, tsitsi lili m'manja mwanga, n'kufunsa kuti, "Ngakhale ahedi?" Ndinati ngakhale ahedi. Anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunatimasula tonse awiri.

Muuzeninso za mtundu wake. Msambo woyamba nthawi zambiri sufiira ngati magazi a nkhuku. Umayamba ngati kadontho kofiirira moderapo, ngati dothi lakatondo lonyowa kapena tiyi wopanda mkaka atauma pansalu. Atsikana ambiri amayesa kuti adziipitsira, amachita manyazi n'kubisa panti pansi pa mphasa. Adziwenso kuti magaziwa sangawagwire ngati mmene amagwirira mkodzo. Amatuluka okha, masana ndi usiku, nchifukwa chake timavala kanthu. Mwana wina anandiuza kuti ankayesetsa kufinya miyendo tsiku lonse, n'kumadziona wopusa kuti akulephera.

Mawu akakuthawani pakati, nenani zoona: "Inenso ndikuchita manyazi, chifukwa ine palibe anandiuza. Koma ndikufuna iwe udziwe." Mwana amamvetsa zimenezo kuposa mmene timaganizira.

6. Tsiku lina, muonetseni ndi manja

Patapita masiku angapo ndinabwera ndi panti watsopano, padi imodzi ya m'sitolo, nyanda ziwiri za chitenje chakale, supuni yaikulu ndi kapu ya tiyi wozizira wopanda mkaka. Tiyi kuno sitisowa. Ndinamuuza kuti athire supuni imodzi pansalu yoyera. Anadabwa kuona mmene kanafalikira. Ndinati, "Waona? Supuni imodzi yokha, koma pansalu ikuoneka ngati yambiri. Magazi a masiku onse a kumwezi ukawaphatikiza ndi supuni ngati zitatu, kwa ena zisanu." Chiwonetsero chimenechi chimachotsa mantha kuposa mawu alionse amene ndikuwadziwa.

Kenako aphunzire kuvala, iye mwini, inu mukungoonerera. Padi ya m'sitolo amachotsa kapepala ka kumbuyo, mbali yomata imamatira ku panti, osati kuthupi. Musaseke, alipo amene anamata kuthupi chifukwa palibe anawaonetsa. Timapiko timapindikira kunsi kwa panti. Nyanda ikhale ya nsalu ya thonje yofewa, yochapidwa kale kambiri, osati ya nayiloni imene simwa madzi. Aipinde katatu kapena kanayi kuti ikhale yaitali ngati dzanja lake kuyambira kunsonga ya chala mpaka kupitirira pamkono pang'ono, ndipo yosakhuthala kwambiri, chifukwa yokhuthala imamupweteka m'ntchafu poyenda. Ana athu ena amayenda mtunda wautali m'minda ya tiyi kupita kusukulu, ndipo nyanda yopindidwa molakwika imafika itamusupula. Chinsinsi cha nyanda ndi panti wogwira bwino. Panti wotha lasitiki ndiye amagwetsa nyanda pabwalo la sukulu. Ngati ndalama ndi yochepa, yambani mwagula mapanti atatu olimba musanagule mapadi. Aliponso matelala ndi magulu a amayi amene amasoka mapadi ochapa okhala ndi batani, amenewo sasuntha. Avale, ayende nayo kuzungulira nyumba, akhale pansi, adzuke.

Asinthe pakapita maola anayi kapena 6, kapena msanga ikanyowa. Kwa mwana wopanda wotchi, muuzeni motere: m'mawa podzuka, pa buleki kapena poweruka, madzulo posamba, ndi pogona. Podzipukuta ayambire kutsogolo kupita kumbuyo. Asambe kunja kokha ndi madzi, asalowetse sopo kapena chala m'kati.

Kuchapa nyanda kuli ndi kachitidwe kake. Ayambe ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amakhwimitsa magazi pansalu ndipo banga silichoka. Akatsukuluza mpaka madzi kuyera, ndiye apake sopo. Kuyanika ndiye nkhondo. Ambiri tinaphunzitsidwa kubisa nyanda kuti wina angaitenge n'kukachitira zamankhwala, ndiye timaiyanika kuseri kwa chitseko kapena pansi pa matiresi. Nsalu yosauma bwino imanunkha chinyontho ndipo imayabwitsa. Iyanikeni padzuwa, pachingwe cha kuseri kwa bafa, n'kuphimba pamwamba ndi kachitenje kopyapyala. Wodutsa amangoona chitenje. Ndipo inu a kuno ndi a ku Thyolo mukuchidziwa chiperoni. Mu Juni ndi Julaye chifunga chikatsika m'phiri, masiku atatu amatha dzuwa osaoneka, ndipo nsalu siuma. Nyanda ziwiri sizikwana nyengo imeneyo. Mukonzereni 6 kapena 8, ndipo zikakana kuuma azisite ndi simbi yamakala kufikira ziume gwa. Padi ya m'sitolo ikatha ntchito aikulunge m'pepala n'kuitaya m'chimbudzi chokumba kapena kumene sukulu inakonza, osati m'chimbudzi chamadzi chifukwa imatseka mapaipi.

7. Yeserani tsiku lenilenilo

Kudziwa za chiberekero sikumuthandiza mwana amene waimirira m'chimbudzi cha sukulu, belu likulira, diresi litathimbirira kumbuyo. Chimene chimamuthandiza ndi kudziwa chochita choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Ndiye yeserani ngati sewero.

Mufunseni kuti, "Zikakupeza kusukulu, upita kwa ndani?" Atchule yekha dzina la mphunzitsi wamkazi mmodzi, ndi wina wachiwiri ngati woyambayo sanabwere. "Zikakupeza kunyumba agogo ali kumunda, amayi ali kotchola tiyi?" Atchule wina wapafupi amene inu mukumukhulupirira. Kenako mupatseni mawu oti akanene, afupiafupi: "Madamu, ndayamba kumwezi, ndithandizeni." Anene mokweza, inu mukhale madamu. Ulendo woyamba mwana wa achimwene anangoseka n'kubisa nkhope m'manja. Wachiwiri ananong'ona. Wachinayi ananena bwinobwino. Mawu amene pakamwa panatchulapo kale savuta kutuluka tsiku la mantha.

Muuzeni za juzi kapena chitenje: diresi likathimbirira, amange m'chiuno n'kuyenda ngati palibe kanthu. M'chikwama chake, kapena m'jumbo ya makope, muikemo kathumba kokhala ndi panti mmodzi, nyanda kapena padi imodzi, ndi kapepala ka pulasitiki kosungiramo zonyowa. Ngati inu muli kutali, kauzeni mphunzitsi amene watchulidwayo kuti mwana wakuti wamusankha. Ife aphunzitsi zimatithandiza.

Ndimawonjezanso chimodzi. Ndimamuuza kuti akadzaona mnzake wathimbirira, asaseke ndipo asaloze, amuyandikire n'kumubwereka juzi. Ana amagwira msanga phunziro akaona kuti akhoza kuthandiza nalo wina.

8. Zoti musanene pa maulendo oyambawa

Cholakwa chachikulu chimene ndimachiona ndi kusandutsa nkhani ya msambo kukhala nkhani ya anyamata. Mayi wangoyamba bwinobwino, mwadzidzidzi mawu akwera: "Ukangoyamba zimenezi, ukasewera ndi anyamata utenga mimba, undichititsa manyazi!" Mwana amatolapo ziwiri. Amayesa kuti kusewera fulaye kapena kukhala benchi limodzi ndi mnyamata kumapereka mimba, ndipo amayesa kuti msambo ndi chiyambi cha milandu, choncho ukabwera amabisa. Nkhani ya mimba ndi yofunika, ndipo musaichedwetse kufikira ataona, chifukwa mtsikana akhoza kutenga mimba ngakhale msambo woyamba usanaoneke. Koma ipatseni tsiku lakelake, ndipo muinene mwachindunji ndi mofatsa. Akafunsa yekha kuti mlendo wa m'chiberekero uja amabwera bwanji, muyankheni mwachidule kuti mwana amayambika mwamuna ndi mkazi akagonana, kuti zimenezo ndi za akuluakulu, ndipo mudzakambirana bwino Loweruka likubwerali. Lowerukalo likafika, musathawe.

Pa tsiku limenelo muuzeninso kuti palibe munthu, kaya wachibale, kaya mphunzitsi, kaya wa kumpingo, amene ayenera kumugwira kumaso kapena mawere, ndipo wina akatero anene, sadzakalipiridwa. Ngati kudera kwanu kukadali onong'oneza atsikana za kusasa fumbi akachoka kuchinamwali, mutchulireni liwulo inu nokha ndipo mumuuze kuti ndi bodza, khungu lake silidzatuwa ndipo sadzadwala chifukwa chokana. Kutha msinkhu sikusandutsa mwana kukhala mkazi wokwatiwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nambala ya 116 ndi yaulere, yoimbira mwana akachitidwa nkhanza.

Musamuopseze ndi imfa. Alipo amene amauza ana kuti ukauza amayi ako adzamwalira, kapena ukathira mchere m'ndiwo uli kumwezi anthu adzatupa. Za mcherezi ine sindilimbana nazo ndi agogo. Ngati pakhomo panu mwambo ndi wakuti wa kumwezi sathira mchere, muuzeni mwana kuti ndi mwambo wa pakhomo pano ndipo aulemekeze. Koma musamuuze kuti thupi lake likhoza kupha munthu. Magazi a kumwezi si poizoni. Mwana wa zaka 10 akakhulupirira kuti chifuwa cha agogo chayamba chifukwa cha iye, katundu ameneyo amamusenza yekha usiku.

Musamuuzenso kuti zimapweteka koopsa, ngakhale inu zimakupwetekani. Nenani kuti ena amamva kupweteka m'munsi mwa mchombo kapena kumsana tsiku loyamba ndi lachiwiri, ena samva kanthu, ndipo chithandizo chilipo: botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'chitenje n'kuika pamimba, kuyendayenda pang'ono, ndi panado. Bulufeni amathandiza kwambiri cham'mimba koma amwe atadya, ndipo mlingo wa msinkhu wake mufunse azaumoyo. Asipulini musamupatse mwana.

9. Izi ndi zanu inu wamkulu: nthawi yopita kuchipatala

Zaka ziwiri zoyambirira msambo umabwera mosalongosoka. Ukhoza kubwera mwezi uno, n'kudumpha wotsatira, n'kubweranso. Masiku 21 mpaka 45 pakati pa msambo ndi unzake ndi zabwinobwino pa msinkhu umenewu. Musathamangire kumuimba mlandu wa mimba chifukwa wadumpha mwezi umodzi. Mupatseni tsamba la kumapeto kwa kope kuti azilemba tsiku loyamba la msambo uliwonse.

Pitani naye kuchipatala ngati magazi apitirira masiku 7, ngati padi kapena nyanda ikudzadza pa ola limodzi kapena awiri mobwerezabwereza, ngati akuchita chizungulire ndipo zikhatho ndi m'zikope mwayera, ngati ululu ukumulepheretsa kupita kusukulu mwezi uliwonse, kapena ngati papita miyezi itatu osaona atayamba kale. Pitaninso ngati timawere kapena tsitsi la kumaso zayamba asanakwane zaka 8, kapena wafika zaka 15 asanaone.

Chimodzi ndikufuna muchigwire bwino. Mwana amene mawere sanayambe n'komwe akaona magazi, musafulumire kuitana anamkungwi kuti wakula. Msambo subwera thupi lisanachenjeze. Mufunseni mofatsa kuti magaziwo akuwaona nthawi iti. Ngati akubwera pokodza, makamaka madontho a kumapeto kwa mkodzo, ndipo mwanayo amasambira kapena kuchapa m'madzi odekha a m'madambo ndi m'makhwawa, ganizirani likodzo, limene lili ndi mankhwala kuchipatala. Akhozanso kukhala kuti anagwera pachinthu, kapena wina wamuchita zoipa ndipo akuopa kunena. Apa ndi pamene phunziro la tinjira titatu lija limagwira ntchito, chifukwa mwana amene analimva amatha kukuuzani kumene magazi akuchokera.

Mwana wa achimwene anayamba patapita chaka ndi miyezi iwiri chilankhulireni, ali mu Sitandade 6, Lachitatu lina la mu Julaye kukuzizira. Anapita kwa madamu amene anawasankha aja n'kunena mawu ake monga tinayeserera. Madzulo anandiimbira pafoni ya agogo ake. Sanalire. Anangondidandaulira kuti panti amene tinaika m'kathumba uja anali atamuchepera, chifukwa chaka chonsecho ine sindinakumbuke kumusinthira.